Chibangili chakana kutsekeka, mkanda ukuthina: ndinalakwitsa pati?

Funso: Ndayamba kumene kutunga mikanda yogulitsa. Mayi wina wakutali ananditumizira miyezo pafoni: khosi masentimita 36, mkono masentimita 16.5. Ndinawonjezera pang'ono, n'kupanga mkanda wa m'khosi wa masentimita 40 ndi chibangili cha masentimita 18, zonse za mikanda yobulungira ya mamilimita 10. Akuti chibangili sichikutsekeka n'komwe ndipo mkanda ukuwathina. Ndinalakwitsa pati, nanga ndiziwonjezera zingati?

Yankho: Achemwali, mpata umene munawonjezera sunali wolakwika ayi. Mukanapanga tcheni chopyapyala ndi manambala omwewo, mayiwo akanavala bwinobwino. Chimene chakuvutitsani ndi mikanda yeniyeniyo, chifukwa mkanda wonenepa umadya malo m'kati mwa chibangili, ndipo malo amenewo saoneka chinthucho chikakhala chotambasula patebulo.

Taganizirani mmene ulusi umadutsira. Sudutsa pansi pa mkanda, pamene pamakhudza khungu, koma pakatikati peipeni. Mukayala chibangili pa lula, mumayeza kutalika kwa ulusi. Koma mukachipinda kuti chizungulire mkono, ulusi uja sugunda mkono. Umayandama pamwamba pa khungu, ndipo pakati pa ulusi ndi khungu pamakhala theka la mkanda, kuzungulira konse. Choncho pali mabwalo awiri: lalikulu limene ulusi ukuyendamo, ndi laling'ono lam'kati limene mkono ukuyenera kulowamo. Inu munayeza lalikulu, pomwe mayi aja akuvala laling'ono.

Kusiyana kwa mabwalo awiriwa kumawerengeka mosavuta. Tengani kunenepa kwa mkanda, muchulukitse ndi 3.14, kapena kungoti katatu n'kanyenyeswa pamwamba. Yankho lake ndiwo malo amene mkanda wadya. Mkanda wa mamilimita 10 umadya mamilimita 31, ndiye kuti masentimita atatu ndi kakang'ono. Wa mamilimita 8 umadya masentimita awiri ndi theka, wa mamilimita 6 umadya pafupifupi masentimita awiri. Timikanda tating'onoting'ono tija ta mamilimita awiri timadya kupitirira pang'ono theka la sentimita, n'chifukwa chake anthu amene anazolowera timikanda timeneti sadziwa kuti vutoli liliko mpaka tsiku limene adzagwire mikanda ikuluikulu. Chodabwitsa n'chakuti nambala imeneyi sisintha ndi kukula kwa bwalo. Kaya ndi mkono wa mwana kaya ndi khosi la munthu wamkulu, mkanda wa mamilimita 10 udya masentimita atatu omwewo malinga ngati ukuzungulira mothina.

Tsopano tibwerere ku chibangili chanu. Chinali cha masentimita 18. Tikachotsapo 3.1 patsala 14.9. Mkono wa kasitomala wanu ndi 16.5. Ndiye kuti chinaperewera kupitirira sentimita ndi theka, tisanakambe n'komwe za mpata woti mkono upume. Mayiwo sakunama, ndipo sananenepe chitumizireni miyezo. Chibangilicho sichikanatheka kutsekeka.

Kawerengedwe koyenera kamayambira m'kati n'kumatuluka kunja. Choyamba ndi mkono, 16.5. Chachiwiri ndi mpata. Pa chibangili cha mikanda chokhala ndi chotsekera, ine ndimapereka sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, yokwanira kuti chala chimodzi chilowe pakati pa chibangili ndi khungu, komanso kuti mwini wake athe kutseka yekha ndi dzanja limodzi. Tiyeni titenge imodzi, tifike pa 17.5. Chachitatu ndi malo odyedwa ndi mkanda, 3.1. Zonse pamodzi ndi masentimita 20.6, ndipo kumeneku ndi kutalika kwa chibangili chonse chikayalidwa, kuchokera kunsonga ya chotsekera kukafika kumapeto a kamphete kokolamo.

Chotsekera ndicho china chimene ambiri amaiwala, ena mbali iyi ena mbali inayo. Ena amatunga mikanda kufika pa nambala yonse kenako n'kuwonjezera chotsekera, chibangili n'kutuluka chokhwepa. Ena amachiwerengera kawiri. Inu tsekani chotsekera chanu ndi timphete take tonse, muchiyeze chili chotseka. Tinene kuti chapezeka masentimita awiri. Pa 20.6 paja mikanda itenga 18.6. Mkanda sungadulidwe pakati, ndiye musankhe pakati pa mikanda 18 ndi 19. Ndi 18, chibangili chikhala cha masentimita 20, m'kati mwake 16.9, mpata wosakwana theka la sentimita. Chitsekeka koma movutikira, ndipo tsiku lotentha chisiya zipsera za mikanda pakhungu. Ndi 19 chikhala cha masentimita 21, m'kati 17.9, mpata wa pafupifupi sentimita ndi theka. Ine ndingasankhe 19 mosakayika. Chanu chija chiyenera kuti chinali ndi mikanda 16 kapena pafupi pamenepo, choncho mwaperewera itatu.

Nambala ya 21 imaopsa munthu poyamba. Mumayang'ana chinthucho patebulo n'kumati ichi n'cha abambo, chingavuke. Musachite mantha. Chipindeni muone mmene chikucheperamo.

Pamakhala nthawi imene mkanda umodzi ukuchulukitsa, kuuchotsa kukuchepetsa. Apo mpamene timikanda tating'ono toika pakati timathandiza. Ikani tiwiri kapena tinayi pafupi ndi chotsekera, mbali zonse mofanana, n'kupeza theka la sentimita limene mumafuna. Timikanda timeneti timathandizanso kuti chotsekera chikhale ndi poyendera, chifukwa mkanda waukulu ukagundana ndi chotsekera, zala zimasowa pogwira. Zimenezi zimafunika kwambiri pa chotsekera chija cha kamphete ndi kamtengo kopingasa. Kamtengoko kamayenera kulowa konse m'kamphete kasanapingase, ndipo pamene kakulowa kamakoka chibangili. Ngati mikanda yoyandikana nako ndi yaikulu kuposa bowo la kamphete, sikadutsa. Pa chotsekera chotere ndimawonjezera sentimita ina ya mpata.

Ngati mukutunga pa lasitiki popanda chotsekera, mpata uchepe. Theka la sentimita ndi lokwanira, chifukwa palibe chotseka ndi zala. Kwa mayi athu aja, 16.5 kuphatikiza theka, kuphatikiza 3.1, zikupereka 20.1, ndiye mikanda 20. Chimene simuyenera kuchita ndi kudalira lasitiki kuti abise kuperewera. Chibangili chikakhala chaching'ono, lasitiki amakhala wokokeka tsiku lonse, mipata imaoneka pakati pa mikanda, tsitsi la pamkono limakodwamo, ndipo posakhalitsa amaduka pa mfundo. Mukaona ulusi ukuonekera pakati pa mikanda chibangili chili pamkono, dziwani kuti chachepa. Ndipo musanatunge, kokani lasitikiyo kangapo kuti atambasukiretu, apo ayi chibangili chidzakula chokha pakatha masabata angapo.

Pali zinthu ziwiri za mikanda zoti musamale nazo powerengera. Choyamba, zimene zalembedwa pa paketi sizikhala zenizeni nthawi zonse, makamaka mikanda ya mtengo, ya njere, ya dongo ndi ya mapepala. Tungani khumi, muikankhire pamodzi, muyeze pa lula, mugawe ndi khumi. Chachiwiri, pa mikanda yosabulungira, nambala imene mumachulukitsa ndi 3.14 ndi kunenepa kwake, osati kutalika kwake motsata ulusi. Mkanda wa pepala wotalika masentimita awiri koma wonenepa mamilimita 6 umawerengedwa ngati wa mamilimita 6, ngakhale kuti mikanda yaitali chotere sipindika, imapanga ngodya pamkono, ndiye imafuna mpata wochulukirapo pang'ono. Mukasakaniza ikuluikulu ndi ing'onoing'ono, amene akulamulira ndi aakulu ngati abwera pafupipafupi, chifukwa ndiwo akugunda khungu, ang'ono akungolendewera pakati. Ukakhala waukulu umodzi wokha pakati, werengerani ang'onowo n'kuwonjezera pang'ono.

Masamu onsewa ndi abwino, koma ine sinditumiza chinthu ndisanachiveke pa mkono wongopanga, ndipo ngati mungatolepo chimodzi m'yankho lino, chikhale chimenechi. Tengani katoni yofewa, muipinde ngati chitoliro, muzimangitsa kapena kumasula mpaka tepi yozungulira kunja kwake iwerenge nambala ya mkono wa kasitomala, kenako mumate ndi selotepi. Kabotolo kakang'ono kokulungidwa nsalu mpaka kufika nambala yomweyo kamagwiranso ntchito. Musanamange mfundo yomaliza, zungulitsani chibangili pa chitolirocho, mutseke, mulowetse chala. Chala chikalowa mosavuta koma ziwiri n'kukanika, mwakhoza. Ine ndili ndi zitoliro zingapo zolembedwa manambala, kuyambira 15 mpaka 19, ndipo zimakhala m'bokosi limodzi ndi zotsekera. Ndinaziphunzira movutika, nditapangira gulu la amayi zibangili zofanana za pa chinkhoswe, n'kubwezedwa pafupifupi theka kutatsala masiku awiri. Usiku wonse ndinachezera kumasula ndi kutunganso.

Chitolirochi chimakupulumutsaninso ku vuto lina. Mukamanga mfundo chibangili chili chowongoka, n'kukoka ulusi mwamphamvu kuti pasakhale mpata, mikanda imapanikizana mukachipinda. Chimauma ngati waya, chimakana kuzungulira, ndipo chimaoneka chachifupi kuposa mmene chilili. Mangani mfundo chili chopindika kale.

Tisanapite kukhosi, tikambe za nambala zimene mwatumiziridwazo, chifukwa muyezo wobwera pafoni ndimaulandira ndi mafunso. Funso loyamba: mwayeza ndi chiyani? Tepi ya telala ili ndi mbali ziwiri, ya mainchesi ndi ya masentimita, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Munthu akakuuzani kuti khosi lake ndi 14, amenewo ndi mainchesi, pafupifupi masentimita 35 ndi theka. Akati mkono ndi 6 ndi theka, ndi mainchesinso. Koma abambo akati 16 osanena kuti n'chiyani, funsani, chifukwa akhoza kukhala mainchesi a kolala ya shati kapena masentimita a mkono. Amene alibe tepi adule kapepala kataliko, azungulitse, alembe pamene pakumana, ayeze pa lula ya mwana wasukulu. Asagwiritse ulusi wolukira majuzi kapena kansalu kotanuka, chifukwa zimatambasuka pozungulitsa n'kubwerera poyeza, nambala n'kutuluka yaing'ono. Ndimapempha chithunzi cha tepi ili pamkono. Chimandiuza zonse: mbali ya tepi, malo amene ayeza, ndi mmene akokera.

Funso lachiwiri: mwawonjezera kale mpata? Anthu ena pofuna kukuthandizani amayeza mokhwepa, inu n'kudzawonjezeranso. Auzeni kuti tepi ingogona pakhungu, isalowe m'mnofu, isalendewere, mpata muwonjezera ndinu. Pamkono, ayeze pamene chibangili chimakhala, pafupi ndi kafupa kotumphuka kaja, pa dzanja limene adzavale, chifukwa dzanja limene munthu amagwiritsa ntchito kwambiri limakhala lalikulupo pang'ono. Ndi bwinonso kuyeza masana kapena madzulo osati m'mamawa kukuzizira. Mkono wa mu Juni ndi wa mu Okutobala sufanana kwenikweni, ndipo mayi woyembekezera manja amatupa, ndiye kwa iyeyo musapange chothina.

Tsopano khosi. Mkanda wanu wa masentimita 40, tikachotsa 3.1, m'kati mwatsala 36.9 pa khosi la 36. Watsekeka, koma mpata wake sukukwana sentimita. Pamkono mpata wotere ungapiririke. Pakhosi ayi, chifukwa khosi limagwira ntchito nthawi zonse: munthu akameza, akaseka, akaimba, akawerama kapena kutembenuka, limafufuma. Ndiponso munthu sapirira chinthu chomugwira pammero ngati mmene amapiririra cha pamkono.

Palinso china. Khosi si chitoliro chofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Limayamba lochepa m'munsi mwa chibwano n'kumakula potsikira kumapewa. Anthu ambiri akauzidwa kuti ayeze khosi amazungulitsa tepi pakati, pomwe ndi pochepa, chonsecho mkanda sukhala pamenepo. Umatsetsereka n'kukakhala patsinde, pamene khosi lakumana ndi mapewa, ndipo pamenepo pakhoza kuposa pakati ndi masentimita angapo. Ndikukayikira kuti 36 ya mayi aja ndi ya pakati. Ngati ndi choncho, mkanda wanu sukutha kutsika, wangokakamira pammero. Afunseni ayezenso patsinde, tepi idutse pamwamba pang'ono pa kadzenje kaja ka pakati pa mafupa awiri opingasa m'munsi mwa khosi.

Tinene kuti 36 ndi ya patsinde ndithu. Mkanda waufupi wokhala mozungulira khosi umafuna mpata wa masentimita asanu. Tcheni chopyapyala chingakhale cha 41. Mikanda yanu ya mamilimita 10 ifuna atatu ena, ndiye 44, ndipo tikachotsa awiri a chotsekera, mikanda ikhala 42. Inu munali ndi 38 kapena pafupi. Ngati mayiwo akufuna kuti mkanda utsikeko n'kugona pa mafupa opingasa aja, kapena m'munsi mwake pang'ono, mpata ndi masentimita khumi: tcheni cha 46, mikanda ikuluikulu cha m'ma 48.

Mwina mwaona kuti pa wachiwiriyu sindinawonjezere atatu onse. Chifukwa chake n'chakuti mkanda ukamatalika umasiya kuzungulira chinthu n'kuyamba kugona pachifuwa. Kumbuyo ndi m'mbali mwa khosi mikanda ikadali kudya malo, koma kutsogolo yangogona. Choncho lamulo la 3.14 limaluma kwambiri pa zibangili ndi mikanda yaifupi, limafooka pa yapakatikati, ndipo mukapitirira masentimita 55 kapena 60 simufunikanso kuda nalo nkhawa.

Manambala amene mumawaona m'masitolo ndi pa masamba ogulitsira malonda amachokera ku mainchesi: 16, 18, 20 ndi 24, omwe ndi pafupifupi masentimita 41, 46, 51 ndi 61, ngakhale ambiri amangolemba 40, 45, 50 ndi 60. Pa intaneti mudzaona mawu oti choker pa waufupi wa mainchesi 14 mpaka 16, princess pa wa m'ma 18, matinee pa wa 20 mpaka 24, ndi opera pa wautali woyambira cha m'ma 28 kupita m'tsogolo. Pamodzi ndi mainawa pamabwera chithunzi cha mkazi wovala mikanda yonse, kusonyeza pamene uliwonse umafika. Chithunzi chimenecho musachikhulupirire kwambiri. Chinajambulidwa pa khosi limodzi, kawirikawiri lochepa. Tcheni cha 45 pa khosi la 32 chili ndi mpata wa masentimita 13 ndipo chimatsika bwino m'munsi mwa mafupa aja. Chomwecho pa khosi la 40 chili ndi mpata wa asanu okha, chasanduka chachifupi chozungulira khosi. Dzina lake ndi limodzi, nambala ndi imodzi, koma pamene chikufika n'posiyana. N'chifukwa chake ndimayambira pa khosi la munthuyo, osati pa dzina la mkanda.

Kasitomala akanena kuti ndikufuna utsikeko pang'ono, musathamangire kuwonjezera zimene wanenazo. Mkanda uli ndi mbali ziwiri, ndiye chilichonse chimene mwawonjezera chimagawika pawiri. Kuti utsike masentimita atatu, muwonjezere pafupifupi asanu ndi limodzi. Lamuloli limagwira bwino pa mkanda umene watsika kale pachifuwa. Pa waufupi wokakamira kukhosi, masentimita oyambirira amautsitsa kuposa pamenepo, chifukwa amaumasula kuti uyambe kulendewera. Maonekedwe akenso amasintha zinthu. Tcheni chokhala ndi kamtanda kapena medulo chimakokedwa pakati, chimasongoka, chimafika pansi. Mikanda yonenepa ya kutalika komweko imakhala yozungulira ngati mwezi, imathera pamwamba. Ndipo cholendeweracho chili ndi kutalika kwakekwake kumene sikuwerengedwa pa nambala ya tcheni. Medulo ya masentimita anayi pa tcheni cha 50 ikhoza kukalowa m'bulauzi.

Apa mpamene tepi imalephera, ndipo njira yabwino ndi yachikale. Muuzeni kasitomala avale chovala chimene adzavale tsikulo, atenge chingwe chosatanuka, amangirire kakiyi pakati kuti kalemere, aime pagalasi, azikweza ndi kutsitsa chingwe kumbuyo kwa khosi mpaka kakiyi kafike pamene akufuna. Atsine pamene chingwe chakumana, ayeze, akutumizireni nambala. Nambala imeneyo ili ndi zonse m'kati: khosi, mapewa, chifuwa, msinkhu. Inu mungowonjezera za kunenepa kwa mikanda ngati mkandawo ndi waufupi. Chovala n'chofunika chifukwa mkanda umaoneka bwino ukathera pakhungu, pamwamba pa khosi la diresi, kapena ukatsika ndithu n'kugona pa nsalu. Ukathera pa mpendero penipeni umangolowa ndi kutuluka, mwini wake n'kumaukonza tsiku lonse. Madiresi a chitenje osokedwa kwa telala amasiyana makosi, lina lozungulira, lina la ngodya zinayi, lina lotsika, ndiye pa oda ya ukwati kapena chinkhoswe ndimafunsa chithunzi cha sitayelo ndisanagule n'komwe mikanda. Kwa amayi a chifuwa chachikulu ndimapewa mkanda wothera pamwamba pa chifuwa penipeni, chifukwa sugona, umapendekera mbali imodzi kapena kulendewera m'malere. Uthere m'mwamba, kapena upitirire.

Mukamapanga wa mizere iwiri kapena itatu, yambani ndi mzere wam'kati, muuwerengere ngati mmene tachitiramu, ndipo mzere uliwonse wotsatira utalike kuposa unzake. Pa mikanda ya mamilimita 10 kusiyana kukhale kosachepera masentimita anayi kapena asanu, apo ayi mizere imakwerana. Musaweruze ili patebulo. Ipachikeni pa chinthu chozungulira chokula ngati khosi muone mmene ikugonera.

Pali mitundu iwiri imene muyezo wa khosi kapena mkono sukuthandizani konse, ndipo mudzakumana nayo posachedwa. Woyamba ndi mkanda wopanda chotsekera, wongovala kudzera kumutu. Umenewo umayezedwa ndi mutu. Mitu ya akuluakulu ambiri imazungulira masentimita a m'ma 50, ndiye wosakwana 60 musauyese, ndipo ine ndimayambira pa 65 kapena 70 chifukwa amayi athu amaluka tsitsi, amavala mawigi ndi maduku. Ayeze mutu tsitsi lili mmene lidzakhalire. Wachiwiri ndi chibangili cholimba chosatseguka, cha chitsulo, cha mtengo kapena cha waya wokulungidwa timikanda. Chimenecho chiyenera kudutsa pachikhatho. Munthu apinde chala chachikulu m'kati ngati akuvala chibangili, zala zithinane, tepi izungulire pamene pakula kwambiri. Nambala imeneyo ndiyo kuzungulira kwa m'kati mwa chibangili, ndipo mukaigawa ndi 3.14 mupeza kukula kwa bowo kuchokera mbali ina kufika ina. Chikhatho cha masentimita 20 chimafuna bowo la pafupifupi 6.4. Zibangili zochokera ku India zimalembedwa manambala ngati 2-4, 2-6 ndi 2-8. Nambala yoyamba ndi mainchesi, yachiwiri ndi magawo a inchi yogawidwa ka 16, choncho 2-8 ndi mainchesi awiri ndi theka, pafupifupi masentimita 6.4, pomwe 2-6 ndi masentimita 6. Anthu awiri a mkono wofanana akhoza kuvala masaizi osiyana chifukwa zikhatho zawo n'zosiyana.

Ndinenepo chimodzi chimene sichikhudza maonekedwe. Wina akakupemphani mkanda wa m'khosi wa khanda kapena mwana wongoyamba kuyenda, kanani mwaulemu. Palibe kutalika kumene kuli kotetezeka: waufupi umathina mwana akamakula, wautali umakola pa zinthu akagona kapena akamasewera, ndipo ukaduka mikanda imapita kukamwa.

Nanga za mayi aja mutani? Chibangili chibwere, mumasule, mutungenso ndi mikanda 19. Musayese kuchitalikitsa ndi katcheni, chifukwa masentimita atatu a tcheni pa chibangili amaonekera, ndipo popeza mbali ya mikanda ndiyo yolemera, chimatembenuka, mikanda n'kupita pansi pa mkono, tcheni n'kukhala pamwamba pamene aliyense akuona. Pa mkanda wa m'khosi muli ndi mwayi, chifukwa kumbuyo kwa khosi sikuoneka. Katcheni kowonjezera ka masentimita asanu, ka timphete tokula moti chotsekera chikhoza kukola paliponse, kasandutsa 40 wanu kukhala wosinthika mpaka 45, ndipo 44 amene tapeza uja alowa m'menemo. Zimatheka ngati chotsekera chanu ndi chokola, chija chokhala ngati chala cha nkhanu. Ngati ndi chopotera ngati sikulu, kapena cha kamtengo kopingasa, muyenera kuchisintha kaye. Koma akayezanso patsinde n'kupeza 38 kapena 39, katcheni sikakwanira. Pamenepo muwerengerenso kuchokera pa nambala yatsopanoyo: 38, kuphatikiza asanu a mpata, kuphatikiza atatu a mikanda, ndi 46, mikanda 44 ndi chotsekera, ndipo katcheni muikeponso kuti akhale ndi posinthira.

Polankhula nawo, auzeni mosabisa kuti kuperewera kunachokera ku kukula kwa mikanda, osati ku thupi lawo, ndipo mtengo wotumizira ulipire ndinu. Apempheni zinthu zitatu musanagwirenso ulusi: chithunzi cha tepi ili pamkono, muyezo wa patsinde pa khosi, ndi nambala ya chingwe cha kakiyi atavala diresi limene akufuna kuvalira mkandawo.